Ngongole ya papesilipi: zoti muone musanasaine

Funso: "Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndine mphunzitsi, ndipo kampani ina yobwereketsa ndalama yandivomereza ngongole ya K1,000,000 yobweza miyezi 24, azidula pamalipiro. Akuti chiwongoladzanja ndi 3 peresenti pamwezi. Mapepala ake ndi ambiri, Chingerezi chokhachokha, ndipo akuti ndikasaine mawa. Maganizo anga ndi oti ndikagulitsa soya chaka chamawa ndidzabweze yonse kamodzi. Ndiyang'ane chiyani?"

Yankho:

Aphunzitsi, mawa pitani ndithu, koma mukatenge mapepalawo kuti mukawawerengere kunyumba. Pamodzi ndi mapepalawo mupemphenso ndandanda ya kabwezedwe, ija yoonetsa mwezi ndi mwezi kuti pa ndalama yomwe akudulani, ingati ikupita ku chiwongoladzanja, ingati ikuchepetsa ngongole yeniyeniyo, ndipo yatsala ingati. Wobwereketsa amene ndi wolongosoka ndandanda imeneyi amaisindikiza nthawi yomweyo. Akamakukanizani kutuluka ndi mapepala kapena akamakuumirizani kuti mwayi utha lero, dziwani kuti muli zina m'menemo zomwe sakufuna kuti muzione mtima uli m'malo.

Ndiyambe ndi 3 peresenti imeneyo, chifukwa payokha sikukuuzani kanthu. Pali njira ziwiri zowerengera chiwongoladzanja, ndipo zonse ziwiri angazitchule kuti 3 peresenti pamwezi. Njira yoyamba, imene amaitcha fulati, amawerengera pa K1,000,000 yonse mwezi uliwonse mpaka kumapeto, ngakhale mutabweza kale theka. Ndiye kuti K30,000 kuchulukitsa ndi miyezi 24, chiwongoladzanja chikukwana K720,000. Zonse pamodzi mubweza K1,720,000, ndipo pamwezi azikudulani pafupifupi K71,700. Njira yachiwiri amawerengera pa ndalama yotsala yokha, kotero chiwongoladzanja chimanka chichepa. Mwa njira imeneyi pamwezi azikudulani pafupifupi K59,000, ndipo zonse pamodzi mubweza pafupifupi K1,417,000. Kusiyana kwake ndi ndalama zoposa K300,000, pa ngongole imodzimodziyo ndi peresenti imodzimodziyo. Simukufunika kudziwa masamu ambiri kuti muzindikire njira imene akugwiritsa ntchito. Angokuuzani kuti azikudulani zingati pamwezi. Ikakhala cha m'ma 71 sauzande, ndi fulati. Ngati ndi fulati, pandandanda paja muonanso kuti chiwongoladzanja cha mwezi woyamba ndi cha mwezi womaliza n'chofanana.

Kenako funsani kuti ndalama yomwe ilowe mu akaunti yanu ndi ingati. Nthawi zambiri sikhala yomwe yalembedwa pamwamba pa fomu. Tiyerekeze kuti akudula 5 peresenti yoyendetsera mapepala, yomwe ndi K50,000, inshulansi K30,000, ndi kena ka K10,000 komwe akatcha dzina lina. Mulandira K910,000, koma chiwongoladzanja achiwerengera pa K1,000,000. Ngati ndi fulati, mwagwira K910,000 m'manja n'kubweza K1,720,000, ndiye kuti ngongoleyo yakudyerani K810,000. Ziwerengero za zodulazi ndangopereka ngati chitsanzo, zanu zenizeni zili m'mapepala anuwo. Ena sadula poyamba, amaziphatikiza pamwamba, ngongole n'kukhala K1,090,000 ndipo zolipiritsazo nazonso zimabala chiwongoladzanja. Yang'ananinso ngati pali kandalama kolipira mwezi uliwonse kosamalira akaunti. K3,000 pamwezi imaoneka yochepa, koma pa miyezi 24 ndi K72,000.

Tsopano nkhani imene ikukhudzani kwambiri inuyo ndi ya kubweza nthawi isanakwane. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amalira, chifukwa amaganiza kuti kubweza msanga kumachepetsa chiwongoladzanja nthawi zonse. Zimatengera ndime imodzi yokha ya mgwirizanowo, ndipo kawirikawiri imakhala cha kumapeto, m'zilembo zing'onozing'ono.

Tinene kuti mwalipira miyezi 12 ndipo soya wagulitsidwa. Ngati ngongole ndi yowerengera pa yotsala, mudzakhala mutatsala ndi pafupifupi K588,000. Mukanapitiriza kudulidwa miyezi 12 inayo mukanalipira pafupifupi K709,000, ndiye kubweza kamodzi kukupulumutsirani cha m'ma K121,000. Mgwirizano ukanena kuti wobweza msanga alipira chindapusa cha 5 peresenti ya yotsala, achotsapo pafupifupi K29,000, komabe mwapindula. Koma pa fulati nkhani imatha kusintha kotheratu. Pakatha miyezi 12 pamakhala patatsala K860,000, momwe K500,000 ndi ngongole yeniyeni ndipo K360,000 ndi chiwongoladzanja cha miyezi imene simunafikemo. Mgwirizano wina umati wofuna kutseka ngongole alipire zonse zotsala pandandanda. Zikatero mupereka K860,000 yonse, simupulumutsa ngakhale tambala, ndipo ndalama ya soya ndi bwino mungoigulira feteleza n'kumadulidwabe monga kale. Wina umati akuchotserani gawo la chiwongoladzanjacho, koma osanena kuti gawo lake ndi lotani, kapena n'kulemba kuti kampani idzaona yokha. Mawu oterowo musawavomere opanda nambala.

Njira yachidule ndi iyi. Muuzeni wokuthandizaniyo kuti, "Ndikabwera nditalipira miyezi 12, mudzandiuza kuti ndipereke zingati kuti titsekerane?" Alembe nambalayo papepala la kampani, asaine, adinde chidindo, ndipo akuonetseni ndime imene nambalayo yachokera. Zimene wakuuzani pakamwa sizidzakuthandizani, chifukwa migwirizano yambiri ili ndi ndime yonena kuti zolembedwazo ndiye mgwirizano wonse, ndipo mwina chaka chamawa munthuyo adzakhala atasiya ntchito. Funsaninso ngati amafuna kuwadziwitsa pasadakhale, monga masiku 30, komanso ngati pali miyezi yoyambirira imene salola kutseka ngongole. Muonenso ngati amalola kuponyako ndalama yapadera pakati panjira. Ena amailandira koma amangoisunga ngati malipiro a miyezi ya kutsogolo, osachepetsa ngongole yeniyeni, ndiye chiwongoladzanja sichitsika.

Ndime yomweyi ndi imene imagwira ntchito akadzakuimbirani foni kuti muwonjezere ngongole, ija amati topapu. Amatseka yakale ndi ndalama ya yatsopano, chindapusa chotsekera msanga n'kulowa, zoyendetsera mapepala ndi inshulansi n'kudulidwanso pa ndalama yonse yatsopanoyo. Munthu amasainira ngongole yaikulu koma m'manja n'kugwira kochepa. Zimandiwawa kuona aphunzitsi ndi anamwino akuzungulira m'menemu zaka ndi zaka.

Za inshulansi, musaione ngati kuba ayi. Ntchito yake ndi yoti mukamwalira kapena kulumala moti simungagwirenso ntchito, ngongole yotsala ilipidwe ndi kampani ya inshulansi, ana anu asavutitsidwe. Vuto ndi loti anthu amailipira osadziwa n'komwe kuti ilipo, ndiye pakagwa zovuta abale sakaitanitsa, ena mpaka amagulitsa katundu kubweza ngongole imene inshulansi ikanalipira. Funsani dzina la kampani ya inshulansiyo, mutenge chikalata chake, ndipo amuna kapena akazi anu, kapenanso m'bale amene mumamudalira, adziwe pamene mwachisunga. Werengani zimene salipira. Kawirikawiri matenda amene munali nawo kale musanasaine amawapatula, pena pamakhala miyezi yodikira inshulansi isanayambe kugwira ntchito, ndipo kusiya ntchito mwa kufuna kwanu kapena kuchotsedwa chifukwa cha mlandu sikuwerengedwa. Akakufunsani za umoyo wanu pafomu, yankhani zoona, chifukwa bodza la pamenepo ndi limene amadzakanira kulipira. Onetsetsaninso kuti sanakuphatikizireni ina imene simunapemphe, monga ya maliro yodulidwa mwezi ndi mwezi. Ndipo popeza inu mukufuna kutseka pa miyezi 12, funsani ngati adzakubwezereni gawo la inshulansi ya miyezi yotsalayo. Mwalipirira miyezi 24, mwagwiritsa ntchito theka. Makampani ena amabweza ukapempha, ena analemberatu kuti sibwezedwa.

Pa zindapusa za kuchedwa, mwina mukuti sizikukukhudzani poti azidula okha. Zimakhudza ndithu. Malipiro akachedwa, kapena akadula papesilipi koma ndalamayo n'kuchedwa kufika kwa obwereketsa, migwirizano yambiri imati udindo ndi wa wobwereka. Onani kuti amapereka masiku angati achisomo, chindapusa ndi chingati, ndipo amachiwerengera pa ndalama ya mwezi umene mwachedwawo kapena pa ngongole yonse. Pa K71,700, chindapusa cha 5 peresenti ndi pafupifupi K3,600, koma pa ngongole yotsala ya K800,000 ndi K40,000. Palinso ndime yonena za kagawidwe ka ndalama imene mwapereka. Nthawi zambiri imayamba yalipira zindapusa, kenako chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni pomalizira. Ndiye mukachedwa kamodzi n'kupitiriza kulipira ndalama ya masiku onse, mwezi uliwonse imaperewera pang'ono, ndipo kuperewerako kumabala chindapusa china. Mudzazindikira mochedwa, mwina dzina lanu litapita kale ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka, komwe mabanki amayang'ana asanakupatseni ngongole ina. N'chifukwa chake ndi bwino kupempha sitetimenti miyezi itatu iliyonse n'kuifananiza ndi mapesilipi anu.

Posaina, musasiye mpata wosalembedwa pafomu, makamaka pa ndalama, peresenti ndi miyezi. Pamene palibe cholemba jambulanipo mzere. Ikani zilembo za dzina lanu patsamba lililonse ndipo mutuluke ndi kope yanu yosainidwa mbali zonse ziwiri. Ngati pali mnzanu wokuimirani, awerengenso, chifukwa inu mukalephera adzagwira iyeyo. Onaninso ngati peresentiyo ndi yokhazikika kapena angaisinthe pakati panjira, pakuti ngongole zambiri za kubanki zimakwera ndi kutsika motsatira chiwongoladzanja cha pamsika.

Funsaninso kuti akuonetseni chiphaso chawo. Mabanki ndi makampani obwereketsa ndalama m'Malawi muno amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo a ngongole zing'onozing'ono ali pansi pa lamulo lawo la 2010. Mukasemphana, yambani mwalemba kalata yodandaula ku kampaniyo n'kusunga kope, ndipo akapanda kukuthandizani kadandauleni ku Reserve Bank. Wopanda chiphaso ndi wakatapila chabe ngakhale ali ndi ofesi yokongola.

Tsiku limene mudzatseke ngongoleyo, musadzachoke ndi lisiti lokha. Mudzatenge kalata yonena kuti mulibenso ngongole, ndi umboni woti alembera kolipira malipiro anu kuti asiye kudula. Mapesilipi a miyezi iwiri yotsatira mudzawayang'anitsitse, chifukwa kudula kumatha kupitirira, ndipo kuti akubwezereni ndalama imeneyo adzafuna kalata ija ndi mapesilipiwo.