Andikweza kukhala hedi, koma mtima ukuti ndaba mpando

"Amayi, ndaphunzitsa zaka 11 pa pulayimale ina kuno ku Santhe. Teremu yathayi andikweza kukhala hedi, kudumpha abambo ena amene anayamba ntchito ine ndili ku sekondale. Anthu akundiyamikira, koma ine ndikungoona ngati analakwitsa dzina. Ndikamva njinga yamoto ya a PEA, alangizi oyendera masukulu a pulayimale, mtima umagunda, ndimati lero ndiye andigwira kuti palibe chimene ndikudziwa. Ndimaweruka dzuwa litalowa, usiku sindigona tulo. Kodi ndibweze udindowu ndisanachite manyazi?"

Ahedi, ndayamba dala ndi dzina limeneli, chifukwa ndikudziwa kuti mukalimva mumayamba mwacheuka kuti muone amene akuitanidwayo. Musabweze kaye. Nkhani yaikulu ngati imeneyi sagamula munthu wosagona tulo.

Chimene chakugwirani si chachilendo. Mu 1978 akatswiri awiri a zamaganizo a ku Amereka, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analemba za amayi oposa 150, ophunzira bwino ndiponso a maudindo awo, amene mumtima ankadziona ngati anthu odzizimbaitsa, ongoyembekeza tsiku logwidwa. Pambuyo pake zinadziwika kuti abambo nawonso zimawagwira, kungoti ambiri amafa nazo chamumtima. Si matenda olembedwa m'mabuku a madokotala. Ndi kaganizidwe kamene kali ndi njira yake, ndipo njirayo imazungulira ngati ng'ombe yapachingwe.

Imayenda chonchi. Mwamva kuti a PEA abwera Lachinayi. Mantha akugwirani, ndiye mukukhala mu ofesi mpaka mdima, kuwerenganso masikimu a aphunzitsi onse, kukonza marejisitala amene akanakonza eni ake, kulembanso ndondomeko ya maphunziro imene inali bwinobwino. Ena amachita mosiyana, amazengereza mpaka Lachitatu usiku, n'kuchezera. Lachinayi lafika, a PEA ayendera, asayina buku la alendo, akuti zikuyenda. Mtima ukhala pansi masiku awiri. Kenako kaliwu kaja kayamba: zayenda chifukwa ndinachezera, kapena chifukwa sanatsegule kabati ija. Ndiye kuti kupambanako simunakulembe pa dzina lanu. Mwakulemba pa dzina la kuchezera kapena la mwayi. Ulendo wotsatira mudzayenera kuchezeranso, mwina kuposa apa. N'chifukwa chake mawu oyamikira sakulowani. Munthu akati mwagwira ntchito, inu mumamva kuti mwamupusitsanso, ndipo ngongole ya bodza yakula.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene anzathu okonda kulimbikitsa anthu amachilumpha. Amangoti zonse zili m'mutu, mukutha, limbani mtima. Ine sindivomereza. Munthu akangokwezedwa pamakhaladi zinthu zimene sadziwa, chifukwa ntchito yasintha. Anakusankhani poona mmene mumagwirira kalasi, mmene ana anu amakhozera, mmene mumasungira nthawi. Uhedi ndi ntchito ina: ndalama, makolo, mafumu, mphunzitsi wobwera ataledzera Lolemba. Choncho m'mimba mwanumo mwasakanikirana zinthu ziwiri, mantha opanda mutu ndi mipata yeniyeni, ndipo ntchito yoyamba ndi kuzipeta kuti mankhusu apite kwake.

Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Mpata weniweni uli ndi dzina. Umatha kunena kuti sindidziwa kulemba buku la ndalama za sukulu, kapena sindidziwa kalata yodzudzula mphunzitsi imalembedwa bwanji. Mantha aja alibe dzina, amangoti palibe chimene ukudziwa, ndiwe wachabe. Tengani kope, gawani tsamba pawiri. Kumanzere lembani chilichonse chimene mungachitchule dzina n'kupeza wokuphunzitsani. Kumanja lembani zotsalazo. Mudzadabwa kuti kumanzere kuli zinthu zinayi kapena zisanu zokha, pamene mumtima munkaona ngati n'zodzaza ngolo.

Ndikuuzeni zanga. Nditangopatsidwa sukulu ina kumbali ya Chamama, ndalama zotukulira sukulu zinalowa ku akaunti. Ine ndinali mphunzitsi wa Sitandade 8 wodziwika m'zoni monse, koma buku la ndalama ndinali ndisanaligwirepo. Kufunsa ndinkaopa, ndimati akamva kuti ahedi sadziwa zimenezi ndiye kwatha. Tinagula matumba 20 a simenti ndi malata okonzera kalasi imene denga lake linasasuka, osatenga makotesheni atatu monga zimafunikira, osalemba m'maminitsi a komiti kuti tagwirizana zogula. Malisiti ndinkangoponya m'chitini cha mabisiketi m'kabati. Ndalama sindinadyepo ngakhale tambala, koma itafika nthawi yopereka lipoti, lisiti la ngolo imene inanyamula simenti panalibe, ndipo ziwerengero sizinkakumana. Ndinakhala milungu itatu ndikuwonda, chitini chija ndikuchiyang'ana ngati muli njoka.

Tsiku lina Loweruka ndinamanga chitinicho pakaliyala, n'kupalasa kupita kwa ahedi a sukulu yoyandikana nayo, bambo wachikulire wotsala pang'ono kupuma. Ndinkayembekeza kuti andiseka. Iwo anangoyala mphasa pakhonde, n'kukhuthula malisiti onse, kuwasanja motsata masiku, ndi kujambula mizere papepala: tsiku, chimene chachitika, zolowa, zotuluka, zotsala, nambala ya lisiti. Za mwini ngolo anati tilembe kapepala kotsimikiza kuti analandira ndalama, adinde chala, apampando a komiti ndi asungichuma asayine ngati mboni. Za makotesheni anati ndikanene ndekha kwa a PEA asanazipeze okha. Ndinakanena. Anandidzudzula, ndipo anali ndi chifukwa, koma nkhani inathera pomwepo. Loweruka ziwiri zokha buku ndinali nditalidziwa. Chimene chinandipweteka si umbuli uja, koma kuubisa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ine ndinadya lambiri ndithu.

Ndiye mipata ya kumanzereyo muziitseka umodziumodzi, uliwonse ndi munthu wake ndi tsiku lake. Ndipo pofunsa musamayambe ndi kupepesa kuti ine ndine mbuli. Funsani ngati munthu wa ntchito: ahedi, fomu iyi ya chiwerengero cha ana inu mumaidzaza bwanji pa gawo ili? Funso lolunjika limaonetsa munthu wodziwa pamene pathera nzeru zake, ndipo ameneyo ndiye amadalirika.

Za kumanja zija sizitha ndi kuphunzira, chifukwa sizinachokere ku umbuli. Zimafuna umboni, ndipo umboniwo muupange nokha motere. Chinthu chisanachitike, kaya ndi msonkhano wa makolo kaya kuyendera kwa a PEA, lembani m'kope lomwelo zimene mantha akulosera, mwatchutchutchu: makolo andikuwiza, ndisowa choyankha pa nkhani ya ndalama za mlonda. Chikatha, lembani pansi pake zimene zachitikadi, ndi chimodzi chimene inu mwachita kuti ziyende. Mawu oti mwayi musalembe. Pakatha teremu muwerenge kuti mwa maulosi khumi akwaniritsidwa angati. Mtima sukhulupirira zouzidwa ndi anthu, koma zolemba za dzanja lako n'zovuta kuzikana.

Pamenepa padzafunikanso kulimba mtima pang'ono, kuti mudule chingwe cha ng'ombe ija. Sankhani ntchito imodzi yosaopsa kwambiri, monga msonkhano wa aphunzitsi, muikonzekere ola limodzi lokha, likakwana mutseke ofesi muzipita kwanu. Usiku umenewo simupeza mtendere, ndikuuziranitu. Koma msonkhano ukayenda monga mwa masiku onse, mwagwira umboni woti sikuchezera kumene kumakunyamulani. Za mayeso a MANEB kapena za ndalama musayeserepo zimenezi, kumeneko kusamala kwambiri kuli m'malo mwake.

Mupemphenso a PEA mphindi khumi, muwafunse kuti pofika kumapeto kwa chaka adzaona zinthu zitatu ziti kuti anene kuti sukulu ikuyenda. Mwina adzati kujomba kwa ana kuchepe, mabuku a ndalama akhale oyera, aphunzitsi azilowa m'kalasi pa nthawi yake. Popanda muyeso wotere munthu umadziyesa ndi hedi wa m'maloto amene salakwitsa, ndipo ameneyo ku Kasungu konse kulibe.

Abambo munawadumphawo musawazembe, komanso musawagwadire. Ambiri timalakwa apa: chifukwa cha manyazi timawasiyira kulamula, kapena timawalanda chilichonse kuti tioneke olimba. Khalani nawo pansi awiriwiri, muwapatse gawo lenileni lokhala ndi malire, monga mwambo wa ana ndi kulumikizana ndi mafumu, muwauze kuti pamenepo iwo ndiye akudziwa kuposa inu, ngati zilidi choncho. Chomaliza kugamula chikhale chanu. Akakhumudwabe, kukhumudwako ndi kwawo, si umboni woti munaba mpando.

Kwathu kuno tinaleredwa kuti ukayamikiridwa uziti ndi chisomo chabe, ndipo chikhalidwe chimenechi ndimachikonda, chimatetezanso ku nsanje. Koma pakamwa pakamati ndi chisomo, mtima uzidziwa kuti chisomocho chinapeza munthu atalima. Yesani kuyankha kuti zikomo, tinalimbikira, n'kusiyira pomwepo, osawonjeza mndandanda wa zimene zinalakwika.

Zinthu ziwiri musazisokoneze ndi nkhaniyi. Ngati pali anthu amene akukunyozani dala, kufalitsa zoti mzimayi sangakwere popanda kudziwana ndi akuluakulu, kapena kukana malangizo anu poyera, limenelo si vuto la m'mutu mwanu. Muzilemba tsiku ndi zimene zanenedwa, nkhaniyo iyende m'njira za ofesi. Chachiwiri ndi tulo. Ngati kusagonako kwapitirira milungu iwiri, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukomaninso, kapena mwayamba kuganiza zoti kuli bwino kufa, kope lija silokwanira. Pitani kuchipatala, ngakhale cha boma ku Kasungu, mukanene zonse monga mwandiuzira ine, osangoti mutu ukuwawa.

Za kubweza udindo tidzakambe pakatha materemu atatu, kope lili pathebulo. Ngati panthawiyo mipata ya kumanzere yatsekeka koma mukuona kuti mtima wanu uli pa choko ndi ana, osati pa mafomu ndi misonkhano, kubwerera m'kalasi si manyazi, ndipo ndikudziwa aphunzitsi abwino amene anatero. Pakadali pano, mawa mukafika yambani mwatsegula kabati imene mumaopa kuti a PEA angatsegule, muone chimene chilimo, n'kuchilemba kumanzere kwa tsamba.