Fayilo ikumayambiranso pa ziro: nditenge pulogalamu iti yodawunilodira?

"Achimwene, ndimagwiritsa ntchito foni ngati hotisipoti ya laputopu yanga ya Windows. Ndikufuna kudawuniloda fayilo ya 3 GB, koma liwiro silipitirira 150 KB pa sekondi, ndipo yaduka kale kawiri nkuyambiranso pa ziro. Bandulo yanga yotchipa imayamba 12 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa. Anzanga akuti nditenge pulogalamu ya makonekishoni 32 kuti ithamange. Kodi nzoona? Nditenge iti?"

Zikomo achimwene. Za 32 zija tiziike kaye pambali, tiyambe ndi kuwerengera, chifukwa manambala anu omwewo akutiuza chimene mukusowa.

Pa liwiro la 150 KB pa sekondi, fayilo ya 3 GB imafuna masekondi pafupifupi 20,000, amene ndi maola asanu ndi theka. Bandulo yanu ndi ya maola asanu. Ndiye kuti ngakhale netiweki itakhala bwino usiku wonse, kunja kudzacha fayilo isanathe. Chofunika kwambiri kwa inu ndi pulogalamu yotha kuima ndi kudzapitiriza pamene inalekezera.

Ululu wake ndimaudziwa. Usiku wina ndinaika foni pazenera, pamene netiweki imagwirako kunyumba kwanga, ndi kukhala ndikuyang'ana kamzere kakukwawa mpaka 91 peresenti. Magetsi anazima, batire ya laputopu inali yotha kale, ndipo m'mawa ndinapeza palibe chopitiriza. Ndalama ya bandulo inapita, tulo tinapitanso.

Koma apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: kupitiriza sikudalira pulogalamu yokha, kumadaliranso seva, kompyuta ya pa intaneti imene ikusunga fayiloyo. Mukadina kuti ipitirize, pulogalamu imauza seva kuti "ndili nazo kale mpaka apa, ndipatseni zotsala". Seva yovomera imayankha ndi nambala 206 nkutumiza zotsala zokhazo. Seva yosavomera imayankha 200 nkuyamba kutumiza fayilo yonse kuchokera pachiyambi, ndipo palibe pulogalamu, yaulere kapena yogula, imene ingaikakamize.

Choncho musanaike usiku wonse pa fayilo, iyeseni kaye masana. Iyambitseni, ifike pa 5 MB, muiimitse, mutseke pulogalamuyo, muzimitsenso hotisipoti kwa mphindi imodzi. Kenako yatsani zonse ndi kuiuza ipitirize. Ikanyamukira pa 5 MB, muli bwino. Ikabwerera pa ziro, sakani malo ena amene fayilo yomweyo ikupezeka. Mu Internet Download Manager simuvutika nkomwe: pakawindo kodawunilodira pali mzere wolembedwa `Resume capability`, ndipo umanena `Yes` kapena `No`.

Vuto lina limabwera tsiku lachiwiri. Masamba ambiri osungirako mafayilo amapereka linki yokhala ndi nthawi, yomwe imafa pakapita maola angapo. Mudzaona pulogalamu ikukana kupitiriza, kawirikawiri ndi nambala 403. Chonde musafufute fayilo yosathayo. Bwererani patsamba lija, mutenge linki yatsopano, muipatse dawunilodi yakale ija. Mu Internet Download Manager mumadina kumanja kwa mausi pa fayiloyo ndi kusankha `Refresh download address`. Pulogalamu iliyonse imene mukuiganizira, onani ngati imalola kusintha linki chonchi. Kwa munthu wodawuniloda mausiku awiri, zimenezi nzofunika kuposa liwiro.

Tsopano za kutchera nthawi. Ambiri amatchera nthawi yoyambira nkuiwala yoimira, ndipo apa mpamene ndalama zimathera. Ikakwana 5 koloko fayilo isanathe, pulogalamu siidziwa kuti bandulo yatha. Imangopitiriza, nkuyamba kudya bandulo yanu ya masana kapena mayunitsi a mufoni inu muli mtulo. Ine ndikanatchera kuti iyambe 12:05 ndi kuima 4:50, kusiya kampata mbali zonse ziwiri poti wotchi ya laputopu ndi ya kampani ya foni sizigwirizana nthawi zonse. Maola anayi ndi mphindi 45 amenewo akupatsani pafupifupi 2.5 GB. Zotsalazo, zosakwana 500 MB, zidzatha usiku wotsatira ola limodzi lisanakwane.

Kutchera nthawi kumalephereka pa tinthu ting'onoting'ono. Laputopu ikagona, dawunilodi imaima, ndiye lowani m'makonzedwe a mphamvu muiletse kugona usiku umenewo, ndipo musatseke chivundikiro. Mafoni ambiri amazimitsa okha hotisipoti akaona kuti palibe cholumikizidwa, choncho zimitsani zimenezo, foni ikhale pa chaja. Komanso uzani Windows kuti hotisipoti yanu ndi `Metered connection`, apo ayi imatha kuyamba kukoka zosintha zake nkumalimbirana nanu kanetiweki kochepako.

Tibwerere kwa anzanu aja. Makonekishoni ambiri amatanthauza kuti pulogalamu imadula fayilo m'zidutswa nkumakoka zingapo nthawi imodzi. Zimathandiza pamene seva ikupimira konekishoni iliyonse liwiro lochepa, kapena pamene netiweki ikutaya tizidutswa ta deta panjira, chifukwa konekishoni imodzi ikataya kanthu imachepetsa yokha liwiro, pamene zinazo zikupitirizabe. Koma ngati vuto ndi lakuti mjigo wa kwanuko umatulutsa madzi ochepa, kubwera ndi ndowa 32 sikuwonjezera madziwo. Pa netiweki yofooka, makonekishoni ochuluka amangopanikizana, ena nkumaduka, ndipo maseva ena amakukanani ndi nambala 429 poona kuti mwachulutsa zopempha.

Kuti mudziwe mbali imene muli, yezani liwiro la intaneti yanu pa tsamba loyezera liwiro, pa nthawi imene mumadawuniloda. Limakupatsani nambala ya Mbps. Muigawe ndi 8, kenako muichulukitse ndi 1,000, kuti ifanane ndi ma KB pa sekondi amene pulogalamu imaonetsa. Likanena 1.2 Mbps, imeneyo ndi 150 KB pa sekondi yanu yomwe ija, kutanthauza kuti mukulandira kale zonse zimene netiweki ingathe. Likanena 5 Mbps, pamene inu mukulandira 150 KB, pali mpata wofika kupitirira 600 KB. Apo yesani makonekishoni 4 kwa mphindi ziwiri, kenako 8. Pamene liwiro lasiya kukwera, imani pomwepo. Dziwaninso kuti kudula fayilo m'zidutswa kumadalira chilolezo chomwe chija cha 206. Seva yokana kupitiriza imakupatsani konekishoni imodzi basi.

Nanga mutenge iti? Ine ndikuti yambani ndi Free Download Manager. Ndi yaulere, imaima ndi kupitiriza, imatchereka nthawi, ndipo imadula fayilo m'zidutswa. Internet Download Manager ndi yabwino zedi, ndipo ndi imene ili ndi 32 anzanu akunenayo, koma ndi yogula mukatha masiku 30 oyesera. Zija "zothyola" zimene anthu amapatsana pa fulashi ndikukupemphani kuti muzipewe: kawirikawiri zimabwera ndi mavairasi.

Ngati simuopa kulemba malamulo, pali aria2, yopepuka kwambiri pa laputopu yakale:

```
aria2c -c -x 4 -s 4 --max-tries=0 --retry-wait=30 --stop=17100 "URL"
```

Apa pa `URL` muikapo linki ya fayilo yanu, `-c` ndi kupitiriza, `-x 4 -s 4` ndi makonekishoni anayi, `--max-tries=0` ikutanthauza kuti isatope kuyesanso netiweki ikaduka, ndipo `--stop=17100` imaiimitsa pakatha maola anayi ndi mphindi 45 aja. Vuto lake nlakuti ilibe wotchi yoyambira, ndiye mudzayenera kuiyambitsa nokha 12:05 kapena kuitchera mu Task Scheduler. Pafupi ndi fayilo yanu mudzaona kafayilo kothera ndi `.aria2`; kameneko ndiko kamakumbukira zidutswa zimene zafika, ndiye musakafufute mpaka zonse zitatha.