Kusamutsira pakompyuta chojambula cha pabolodi

"Pamsonkhano wa kuofesi kwathu tinajambula pabolodi loyera mmene pempho la ndalama limayendera, ndipo ndinatola chithunzi ndi foni. Ndingachikonze bwanji pakompyuta kuti chioneke bwino koma tanthauzo lisasinthe?"

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, tengani pepala ndi kuwerenga zimene zili pachithunzicho. Tiyerekeze kuti mwapeza mabokosi 7 ndi mivi 9. Lembani muvi uliwonse pamzere wakewake, kumene wachokera ndi kumene waloza, monga "kalaliki kupita kwa msungichuma". Ntchito imeneyi imatopetsa, koma ndi imene imaulula malo okayikitsa: muvi umene nsonga yake yabisika ndi kunyezimira kwa getsi, kapena mizere iwiri yopingasana imene simukudziwa ngati ikukumana kapena ikungodutsana. Pamalo otere musaganizire nokha, koma funsani amene anagwira cholembera tsiku lomwelo, asanaiwale.

Kenaka wongolani chithunzicho ngati munachitola mutaima chammbali, chifukwa mbali ya bolodi imene inali kutali imaoneka yaing'ono. Mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, chida chake ndi Perspective. Mukatero, tsegulani draw.io, pulogalamu yojambulira mabokosi ndi mivi, ikani chithunzicho pa layer yakeyake, chepetsani Opacity kufika pa 40 kapena chapomwepo kuti chizioneka mozimiririka, ndi kuikhoma kuti chisasunthe. Mabokosi atsopano muwajambule pamwamba pa akalewo, ndipo nsonga ya muvi uliwonse muilumikize kubokosi lenilenilo osati kungoiyandikiza, kuti mukadzasuntha bokosi muvi udzatsatire.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa chofuna ukhondo. Kuwongola mizere yokhota ndi kulinganiza kukula kwa mabokosi n'kololedwa, koma malo a bokosi nthawi zambiri amanena kanthu. Ngati bokosi la wapampando linali pamwamba pa onse, mwina anthu ankasonyeza udindo wake, ndipo mukalitsitsa kuti lifole ndi anzake, mwafufuta mfundo imene palibe anailemba ndi mawu. Chimodzimodzinso mtundu wa inki: muvi wofiira wodukaduka wobwerera kwa wopempha ungatanthauze pempho lokanidwa, choncho ukhalebe wofiira ndi wodukaduka. Komabe funsani, pakuti nthawi zina cholembera chakuda chinangouma basi.

N'chifukwa chake pantchito ngati yanuyi sindikonda Mermaid, pulogalamu imene imajambula yokha mabokosi ndi mivi kuchokera pa mawu amene mwalemba, ngakhale kuti kulemba kwake n'kwachangu:

```
flowchart LR
  A[Wopempha] --> B[Msungichuma]
  B -.-> A
```

Mivi imatuluka yolondola, koma pulogalamuyo ndi imene imasankha poika bokosi lililonse, kotero kuti amene anali pamsonkhano sangachizindikire msanga chojambula chawo.

Mukamaliza, bisani layer ya chithunzi ndi kuwerenganso motsatira pepala lija. Mukapeza mivi 8 m'malo mwa 9, kawirikawiri wosowayo amakhala wobwerera m'mbuyo. Sungani fayilo ya `.drawio` kuti mudzathe kusintha mtsogolo, ndipo anzanu muwatumizire PNG pamodzi ndi chithunzi choyambirira kuti afananitse okha.