Kuphunzira ntchito yoika sola: kozi, manja, ndi katchajidwe

"Ndinalemba mayeso a Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo, ndimakhala ku Mponela. Ndikufuna ntchito yoika magetsi a sola m'nyumba za anthu, koma ndalama zomwe ndasunga ndi zochepa. Ndilipire kozi, kapena ndigule zipangizo ndizidziphunzitsa ndekha? Nanga ndikadzayamba, ndizidzatchaja bwanji kuti ndisabere anthu, inenso ndisadzibere?"

Achimwene, musathamangire kulipira kozi. Yambani mwagula mita yoyezera magetsi, batire laling'ono la 12V, kapanelo, kontilola yowongolera magetsi olowa m'batire, fyuzi ndi mababu awiri, muunikire chipinda chanu chomwe. Pamenepo manja adzazolowera zinthu zimene m'kalasi zimangodutsa m'khutu. Batire ndi limene limayamba kulumikizidwa ku kontilola, panelo pambuyo. Fyuzi imakhala pafupi ndi batire. Panelo kuno kwathu imayang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Muziyeza batire m'mawa uliwonse musanayatse kanthu: la asidi likadzaza limaonetsa pafupifupi 12.7V, likafika cha ku 12.1V ndiye kuti latha theka, ndipo mukamalitsitsa kuposa apo tsiku ndi tsiku, lifa msanga.

Koma luso lenileni lili pa masamu, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa. Tiyerekeze mayi wina ali ndi mababu anayi a 5W oyaka maola asanu usiku. Tikachulukitsa mababu, mawati ndi maola, ameneyo wadya 100Wh. Kanema wa 40W maola anayi ndi 160Wh, mafoni awiri tiyike 20Wh. Zonse pamodzi 280Wh. Popeza magetsi ena amatayika m'mawaya ndi mu inveta, chipangizo chosintha magetsi a batire kukhala a 230V, werengerani 350Wh. Batire la asidi la 100Ah pa 12V limasunga 1,200Wh, koma chogwiritsa ntchito ndi theka lokha, 600Wh, choncho likwanira bwino. Panelo ya 100W pa tsiku la dzuwa labwino ingabweze pafupifupi 350Wh yomweyo, osatsala kanthu. Ine pamenepa ndimauza kasitomala kuti agule ya 150W, chifukwa kukachita mitambo masiku atatu otsatizana, batire silidzaza. Mayi yemweyo akadzalumikiza ayironi kapena ketulo, zonse zithima. Muwauze zimenezi tsiku loyamba, muwalembere papepala.

Ndinaitanidwapo kunyumba ina kumene mababu ankangoti phethiphethi ikangokwana 8 koloko. Eni ake ankati anagulitsidwa batire lakufa. Nditayeza, pa batire panali magetsi okwanira, koma kufika pa babu la kuchipinda anali atatsika kwambiri. Woikayo anakoka kawaya kopyapyala ka sipika mtunda wautali, kakutentha ukakagwira. Pa 12V waya wowonda amadya magetsi, ndipo angathe kuyatsa denga la udzu. Zimandiwawa, chifukwa banja limenelo linagulitsa mbuzi kuti lione kuwala.

Kozi ndiye ibwere mukatha miyezi iwiri kapena itatu mukuchita zimenezi, ndipo musaizembe. Mukangofika pa inveta ndi magetsi a 230V, kulakwitsa kumapha munthu. Komanso bungwe la MERA ndi limene limapereka chilolezo kwa oika magetsi, ndipo ntchito za m'masukulu ndi m'zipatala sapatsa munthu wopanda mapepala. Funsani ku TEVETA ngati malo amene mukufuna kuphunzirako ndi ovomerezeka. Mukapita kukaona, funsani kuti ophunzira angati amagawana panelo imodzi, ndiponso ngati amatumizidwa kukagwira ntchito kwa amisiri. Akakuonetsani bolodi ndi choko basi, bwererani ndi ndalama zanu. Pakadali pano pezani mmisiri woti muzimunyamulira makwerero, ngakhale azingokupatsani ya sopo.

Za mtengo, lekanitsani katundu ndi ntchito ya manja anu. Katundu alipire kasitomala, mumuonetse malisiti. Pa kotesheni lembani kuti mtengowu ndi wa sabata imodzi, chifukwa zipangizo zambiri zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atalonjeza mitengo yakale analira. Ntchito ya manja muwerenge motere, manambalawa ndi ongoyerekeza: mukadziikira K30,000 pa tsiku, ndipo kukayendera nyumba ndi kuika kwatenga masiku awiri, ndi K60,000. Onjezani thiransipoti, kangachepe ka zida zanu zomwe zikutha, ndi theka la tsiku la ulendo wobwerera kukayeza batire pakatha mwezi. Ulendo umenewu ongoyamba kumene amauiwala, kenako foni ikalira amayamba kuthawa kasitomala.

Nyumba zitatu zoyamba mungatsitseko, koma lembani mtengo wonse papepala, kenako muchotsere poonekera. Mukangotchula wotsikawo pakamwa, aneba onse adzabwera akufuna womwewo.