Pempho la ndalama za furiji ya katemera yoyendera sola

"Chipatala chathu chaching'ono cha mishoni chili m'chigwa cha Shire, magetsi a ESCOM sanafikeko, ndipo furiji yathu ya gasi yayamba kuvuta. Bungwe lina latiuza kuti tilembe pempho la ndalama za sola, koma tasowa poyambira pa mitengo ndi pa zifukwa. Amene munalembapo zoterezi, tithandizeni."

Mayi, langizo langa loyamba ndi lakuti musapemphe ndalama zogulira mapanelo, mabatire ndi invetala zoti mulumikizeko furiji wamba ya m'sitolo. Pemphani furiji ya katemera ya mtundu wa SDD, yomwe imalandira mphamvu kuchokera ku mapanelo mwachindunji popanda batire. Masana kompuresa yake imaundanitsa madzi amene ali m'kati mwa makoma a furijiyo, ndipo madzi oundanawo ndi amene amasunga katemera pakati pa madigiri 2 ndi 8 usiku wonse ndi pa masiku a mitambo. Batire ndi limene limapha mafuriji a sola akale, chifukwa limatha pakapita zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo kumalo kotentha ngati kwanuko limatha msanga kuposa pamenepo. Pachipatala china chomwe ndinagwirako ntchito, anthu ankatchajira mafoni pa mabatire a furiji, ndipo tinadzazindikira m'mawa wina titapeza madzi m'kati ndi timabotolo titafunda. Pa SDD palibe batire loti munthu alumikizepo chinthu.

Mtundu umene mungasankhe ukhale wopezeka m'kaundula wa PQS, momwe muli zipangizo zosungira katemera zimene bungwe la WHO linavomereza, m'gawo la E003, ndipo nambala yake ya m'kaundulamo muilembe m'pempho. Patsamba la furiji iliyonse muyang'ane zinthu ziwiri. Choyamba, ikhale yoyesedwa pa kutentha kwa madigiri 43, osati 32, popeza kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa ndi ku Nsanje mukukudziwa nokha. Chachiwiri, onani masiku amene imatha kusunga kuzizira dzuwa likachepa, omwe sayenera kutsika pa atatu. Mfundo imeneyi ndi imene mudzayankhire wowerenga pempho akadzafunsa za masiku a mvula yamvumbi ndi a chiperoni.

Kukula kwa furiji musakuganizire pamutu, muwerengere kuchokera ku ana amene mumawatemera. Tiyerekeze kuti m'dera lanu mumabadwa ana 800 pachaka, ndipo woyang'anira katemera kuofesi ya zaumoyo ya boma lanu wakuuzani kuti katemera yense wa mwana mmodzi, kuphatikizapo amene amawonongeka timabotolo tikatsegulidwa, amatenga malo okwana malita 0.3. Pachaka ndi malita 240, ndipo ngati katemera mumakatenga mwezi ndi mwezi, mumasunga malita 20 nthawi imodzi. Mukaonjezerapo gawo limodzi mwa magawo anayi la katemera wodikira, mwafika pa malita 25. Pamenepa ine ndikanapempha furiji ya malita pafupifupi 40, ndi kulemba poyera kuti malo otsalawo ndi a masabata a kampeni, a katemera watsopano amene boma limaonjezera, ndi a kuchuluka kwa anthu m'zaka khumi. Chiwerengero chenicheni cha malita a mwana mmodzi mukachitenge kuofesiko, chifukwa chimasintha katemera wina akaonjezedwa pa ndondomeko.

Pa mitengo, ambiri amalakwitsa polemba mtengo wa furiji yokha ngati kuti idzafika yokha ndi kudziika yokha. Pemphani makotesheni atatu, iliyonse yosonyeza furiji, mapanelo ake, zitsulo zoikirapo mapanelo, mawaya, chotetezera ku mphenzi, mayendedwe mpaka pakhomo pa chipatala, ndi malipiro a amisiri. Oika zipangizo akhale ndi chilolezo cha MERA. Tiyerekezenso kuti kotesheni yomwe mwasankha ikuti furiji ndi mapanelo ndi madola 3,500, mayendedwe ndi kuika ndi madola 1,200, ndipo choyezera kutentha, zipangizo zosinthira ndi maphunziro a ogwira ntchito ndi madola 500. Zonse ndi madola 5,200, ndipo mukaikapo 10 peresenti ya zogwa mwadzidzidzi mukupempha madola 5,720. Ndalemba m'madola mwadala. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anali atalemba bajeti ya katundu wochokera kunja m'makwacha okha anapezeka kuti ndalama zawo sizikukwanira. Lembani ndalama zonse ziwiri, musonyeze tsiku ndi mtengo wosinthira umene mwagwiritsa ntchito, ndipo mufunse wogulitsa kuti kotesheni yake igwira ntchito masiku angati komanso ngati msonkho uli m'kati.

Kenako tambasulani ndalamazo pa zaka khumi, zomwe ndi zaka zimene furiji yotere imayembekezeka kugwira ntchito. Mukaika madola 100 pachaka osamalira furijiyo, zonse zikufika pa madola 6,720, ndipo mukagawa kwa ana 8,000 a zaka khumizo, mwana mmodzi akutenga masenti 84. Chiwerengero chimenechi muchiike pafupi ndi cha gasi, chomwe muchitenge m'malisiti anu a miyezi khumi ndi iwiri yapitayi, osaiwala mafuta a galimoto yokatenga masilinda. Madola 100 a pachakawo munene amene adzawalipira, chifukwa opereka thandizo safuna kugula chinthu chimene chidzaima pa vuto loyamba laling'ono.

Zifukwa zamphamvu zili kale m'chipatala mwanu, pa pepala lomwe limamatidwa pa furiji, pamene alangizi a zaumoyo amalemba kutentha m'mawa ndi madzulo. Werengani masiku amene kutentha kunapitirira madigiri 8, masiku amene gasi anatha, ndi maulendo a sikelo ya kumidzi amene analephereka chifukwa katemera munali mutamubweza kuchipatala cha boma. Ngati muli ndi Fridge-tag, yomwe ndi makina aang'ono olemba kutentha kwa m'furiji, umboni wake ndi wolimba kwambiri, chifukwa imalemba chenjezo kutentha kukakhala pamwamba pa madigiri 8 kwa maola khumi, kapena pansi pa -0.5 kwa ola limodzi. Kuzizira kopitirira muyeso musakudumphe. Mafuriji a gasi amaundanitsa katemera kawirikawiri lawi likakwezedwa, ndipo katemera wa penta, wa chibayo ndi wa kafumbata akaundana amatha mphamvu, pamene kachizindikiro ka VVM ka pa botolo sikasintha mtundu chifukwa kamangoona kutentha kokha. Ngati munatayapo katemera mutamuyesa pomukhutchumula kuti muone ngati anaundana, lembani tsiku ndi chiwerengero cha timabotolo. Ndime ziwiri za manambala anuanu zimagwira mtima wa wowerenga kuposa masamba asanu ofotokoza ubwino wa katemera, umene iye akuudziwa kale.

Musanatumize pempholo, kaonaneni ndi ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kuti akupatseni kalata yovomereza. Boma limalandira mafuriji a SDD kudzera ku Gavi ndi UNICEF, choncho nkutheka kuti chipatala chanu chili kale pa mndandanda, ndipo wopereka thandizo adzafuna kutsimikiza kuti sakugula chinthu chimene chikubwera kale. Mufunsenso mtundu umene katswiri wa mafuriji wa kuofesiko anaphunzira kukonza, ndipo musankhe womwewo ngakhale utakwererako mtengo pang'ono. M'pempho muikemo chithunzi cha denga chosonyeza mbali yoyang'ana kumpoto, kumene mapanelo adzaikidwe mopendeka pafupifupi madigiri 15, popanda mthunzi wa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mutchulenso mabauti ovuta kumasula otetezera mapanelo kwa akuba, ndi udindo wa munthu amene azidzapukuta fumbi pa mapanelowo mlungu uliwonse m'chilimwe.