Vitz yonunkhira pefyumu

"Amalume, ndapeza Vitz yotchipa, yowala bwinobwino, mwini wake akuti akufuna ndalama mwachangu. Ndipereke dipoziti?"

Iii dikira kaye mphwanga, ndalamayo igwire kaye, ndikuuze za kamphunzitsi kena kamene kanabwera kugalaja kwathu kuno ku Biwi. Mnyamata wabwinobwino, wangoyamba kumene ntchito kusekondale, watenga loni, ndiye wapeza galimoto ngati yakoyo, penti ikuchita kunyezimira, mtengo wotsika moti anzake amvekere tenga lero lomwe. Mwayi wake anati makanika aione kaye.

Nditangotsegula chitseko, pefyumu kuti guu! Galimoto ikanunkhira mopyola chonchi ine ndimayamba kukayika, nde ndinamuuza kuti tseka mawindo onse, tiisiye padzuwa kanthawi. Titatsegulanso, pansi pa pefyumuyo pankamveka kafungo ka chinyezi, kaja ka zovala zosauma bwino.

Ndinati aphunzitsi, kokani lamba wapampando mpaka athere. Anakoka, anakoka, kumapeto kwenikweni kuja, mbali imene imakhala yokulungika mkati, panali mzere wabulauni wa matope. Otsuka galimoto amatsuka mipando ndi kapeti, koma lamba samukoka mpaka kumapeto, nde mzerewo umakuuza kuti madzi analowa mpaka m'kati. Kenako anagwada yekha ndi tochi ya pafoni, mabauti omangira mipando onse dzimbiri, chonsecho kunja galimoto yooneka yatsopano. Kubuti titachotsa tayala la sipeya tinapeza dothi losalala louma m'makona, lija limatsala madzi osefukira akaphwa.

Injini inkalira bwino, nde iye amvekere "koma bambo ikuyendatu". Eya, imayenda! Oilo anali atasintha kale, ukanakhala wakale bwenzi ukuoneka ngati tiyi wamkaka. Vuto la galimoto yomira ndi mawaya. Madzi akalowa m'mapulagi ndi m'bokosi la mafyuzi, zitsulo zija zimayamba kudyeka pang'onopang'ono, zimachita zobiriwira, ndiye pakapita miyezi windo lakana kutsika, mawa sitata yangoti zii, mkuja kompyuta ya injini yafa, ndipo zimenezi sizitheka kukonza kamodzi, umangothamangitsana nazo.

Chomaliza ndinamuuza kuti apotokole kiyi osaliza injini. Magetsi ochenjeza apadashibodi amayenera kuyaka kaye, ena n'kuzima okha, ena n'kudzazima injini ikalira, koma la eyabagi, kathumba kampweya kaja kamakuteteza pangozi, silinayake n'komwe, kusonyeza kuti mwina wina analithimitsa dala kuti lisaulule vuto.

Mnyamata uja anangomufunsa wogulitsayo kuti kodi galimotoyi inamira kuti, bambo aja n'kuyamba zoti aaa inangonyowa ndi mvula windo lili lotsegula. Mvula yake iti yofika kutayala la sipeya? Anabweza makiyi, ndalama zake zili m'thumba, ndipo Passo imene anadzagula pambuyo pake anachita kuyamba yekha kukoka malamba ine ndisanayankhule.

Nde iwe Loweruka m'mawa ubwere nayo kugalaja, kukuwala, osati madzulo. Akakana kuti makanika aione, usiye.