Pa mitengo yakale ikupindula, pa demo ikudya ndalama: vuto lili pati?

"Achimwene, ndinayesa njira ya MA 20 ndi MA 50 pa EUR/USD, makandulo a ola limodzi, mu Python. Pa mitengo ya chaka chimodzi ikulowa pamsika ka 150 ndipo ikupindula mapipi 900. Koma pa akaunti ya demo ikungotaya ndalama. Kodi buloka akundibera?"

Zikomo achimwene polemba. Tisanamuloze chala buloka, tiyeni titsegule kodi yanu, chifukwa ndikukayikira kwambiri kuti mapipi 900 amenewo analipodi.

MA 20 ndi avareji ya mitengo ya makandulo 20 omaliza, MA 50 ndi ya makandulo 50, ndipo avareji ya kandulo ya 10 koloko imadziwika kanduloyo ikatseka. Tinene kuti inatsegula pa 1.1000 n'kutseka pa 1.1030, ndipo kukwera kumeneku ndi komwe kwachititsa kuti MA 20 idutse pamwamba pa MA 50. Inu mukanagula pa 1.1030, osati pa 1.1000. Koma kodi yanu ikachulukitsa chizindikiro chogula kapena kugulitsa ndi kusintha kwa mtengo pa mzere womwewo, imakupatsani mapipi 30 aja ngati kuti munadziwiratu mmene ola lidzathere. Uku ndiye kusuzumira zam'tsogolo, ndipo ndi vuto lalikulu pa onse chifukwa silionetsa cholakwika chilichonse pa sikirini. Mzere wa phindu umangokwera mokongola.

Onani kukula kwake. Mukamatembenuka kuchoka pa kugulitsa kupita pa kugula, kandulo yodutsayo imakunamizani kawiri: pamsika weniweni munali mukadagulitsa ndipo munataya, pamene kodi ikuti munagula kale ndipo munapindula. Ngakhale makandulo oterewa atamayenda mapipi atatu okha, bodzalo ndi mapipi 6 paulendo uliwonse. Maulendo 150 ndiye mapipi 900, phindu lanu lonse. Kukonza kwake ndi `shift(1)`:

```python
df["sig"] = np.where(df["ma20"] > df["ma50"], 1, -1)
df["pos"] = df["sig"].shift(1)
df["cost"] = df["pos"].diff().abs() * 0.0001
df["pnl"] = df["pos"] * df["close"].diff() - df["cost"]
```

Fufuzaninso ngati mu `rolling()` mulibe `center=True`, chifukwa imeneyo imawerengera makandulo amene sanabwere. Pali mayeso apafupi amene ndimawakhulupirira: dulani mitengo yanu pakati pa chaka, muwerengenso zizindikiro. Chizindikiro cha tsiku lina lakale chikasintha chabe chifukwa mwachotsa miyezi yakutsogolo, dziwani kuti kodi ikusuzumira.

Tsopano mzere wachitatu uja. Makandulo a MetaTrader amajambulidwa ndi mtengo wa Bid, koma mumagula pa Ask, ndiye ulendo uliwonse mumalipira sipuredi, kusiyana kwa mitengo iwiriyi. Ndaikapo pipi imodzi. Pipi ina ndaikira silipeji, kusiyana kwa mtengo umene munauona ndi umene buloka wakupatsani. Potembenuka, `diff()` imatulutsa 2, choncho ulendo uliwonse ukudya mapipi awiri, ndipo pachaka ndi 300. Pa loti ya 0.1 pipi imodzi ya EUR/USD ndi dola imodzi. Ngati akaunti yanu ili ndi madola 1,000, ndiye kuti 300 apita musanapindule kalikonse. Manambala amenewa ndi achitsanzo. Enieni muwatenge pa mbiri ya demo yanu, poyerekeza mtengo umene kandulo inatsekera ndi umene munalowera. Musaiwale swapu, imene imadulidwa kapena kuwonjezedwa malonda akagona usiku.

Silipeji simafanana nthawi zonse, ndipo njira ya avareji imavutika nayo kwambiri chifukwa imalowa msika ukamathamanga, monga Lachisanu limene Amereka amatulutsa lipoti la ntchito. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya Switzerland itasiya kuteteza mtengo wa 1.20 pa EUR/CHF, malamulo oletsa kutaya a anthu ambiri anatsekera kutali zedi ndi pamene anawaika. Ndiye yesaninso ndi ndalama zolipira zowirikiza kawiri. Njira imene ikufa pamenepo sindingaiikire ndalama zanga.

Funso lomwe ndikufuna mudziyankhe moona mtima ndi ili: 20 ndi 50 munazipeza bwanji? Ngati munayesa manambala ambiri pa chaka chomwecho n'kusankha opambana, kumeneko n'kusuzumiranso, kungoti wosuzumirayo ndi inu. Chaka chimodzi n'chochepanso. Tengani mitengo ya 2015 mpaka 2020 musankhirepo manambala, muwasiye choncho, kenako muyese kamodzi kokha pa 2021 kupita m'tsogolo. Zikakanika musabwerere kukasintha n'kuyesanso pa zaka zomwezo, chifukwa mwaziona kale. Yang'ananinso oyandikana nawo: ngati 20 ndi 50 ikupindula koma 18 ndi 45 kapena 22 ndi 55 zikutaya, munangogwera mwayi.

Mukakonza, yendetsani kodi pa masabata omwe munachita demo, muike malonda a mbali ziwirizi pafupi, ulendo ndi ulendo. Nthawi zolowera zikafanana ndipo mitengo ikasiyana ndi pipi imodzi kapena ziwiri, buloka alibe mlandu. Munditumizire zimene mupeze.